Hayiku ya Chichewa isataye chiwerengo cha 5-7-5

Mphunzitsi mnzanga wa ku Ulongwe, amene amakonda ndakatulo monga momwe ndimazikondera ine, anandiuza tsiku lina kuti wasiya kuphunzitsa ana ake hayiku, ndakatulo yochokera ku Japani ya mizere itatu ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, onse pamodzi 17, chifukwa, m'kuona kwake, Chichewa sichingakwane m'kabokosi kakang'ono chotero. Umboni wake unali mawu amodzi okha, akuti "sindinamuonenso", amene ali ndi maphatikizo 7, kutanthauza kuti mawu amodziwo amadya mzere wonse wapakati wa ndakatuloyo. Iye anaganiza kuti ndi bwino tiziwerenga mawu m'malo mwa maphatikizo, kapena titalikitse mizere kuti mlakatuli apeze popumira. Ine sindigwirizana naye, ndipo ndikhulupirira kuti mwa zilankhulo zimene timamva tsiku ndi tsiku kuno ku Tete, Chichewa chathu chili pafupi ndi Chijapani m'kamvekedwe kuposa momwe Chipwitikizi kapena Chingerezi chilili, kotero kuti ife tili ndi chifukwa chochepa kwambiri chotayira chiwerengo cha 5-7-5.

Choyamba tiyenera kudziwa chimene Ajapani amawerenga, chifukwa chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Iwo amawerenga timagawo ta liwu totchedwa "on", ndipo kagawo kalikonse kamatenga nthawi yofanana ndi kanzake poyankhula. Kawirikawiri kagawoko kamakhala lembo lopanda liwu lotsatidwa ndi lembo la liwu, monga ka, mi kapena to, koma lembo la liwu lokokedwa limawerengedwa kawiri, ndipo n wa kumapeto kwa phatikizo amaima payekha ngati kagawo kathunthu. N'chifukwa chake dzina la mzinda wa Tokyo, limene ife timalitchula ndi maphatikizo awiri, kwa iwo lili ndi timagawo tinayi, pakuti o woyamba ndi o wachiwiri onse ndi okokedwa. Tsono taganizirani za phatikizo la Chichewa, limene aphunzitsi a mbali ino amalitchulanso kuti silaba. Limathera pa lembo la liwu, ndi lopepuka, ndipo limadutsa msanga pakamwa monga momwe kagawo ka Chijapani kamachitira. Phatikizo la Chingerezi ndi losiyana kwambiri, chifukwa limatha kunyamula malembo opanda liwu atatu kutsogolo ndi ena atatu kumapeto, ndipo mawu ambiri a chilankhulocho ali ndi phatikizo limodzi lokha.

Zotsatira zake n'zakuti maphatikizo 17 a Chingerezi amanena zambiri kuposa timagawo 17 ta Chijapani, ndipo alakatuli ambiri olemba hayiku m'Chingerezi anazindikira zimenezi nayamba kulemba mofupikirapo. Uphungu wawo wakuti chiwerengo chilibe ntchito ndi wabwino kwa iwo, pakuti iwo vuto lawo ndi kuchuluka kwa malo. Ife tikautenga uphungu umenewo osaufufuza, timamwa mankhwala a matenda amene sitikudwala.

Njira yabwino yoyesera nkhaniyi ndi kutenga hayiku yodziwika kwambiri ya Matsuo Basho, amene anabadwa mu 1644 namwalira mu 1694, ija ya chule imene inatuluka mu 1686. M'Chijapani imamveka motere: furuike ya, kawazu tobikomu, mizu no oto. Tanthauzo lake ndi dziwe lakale, chule amene akudumphiramo, ndi kumveka kwa madzi. Ndikaiika m'Chichewa popanda kuwonjezera kapena kuchotsa ganizo lililonse, imatuluka chonchi:

dziwe lakale
chule walumphiramo
liwu la madzi

Werengani nokha ndi zala. Dzi-we-la-ka-le ndi 5, chu-le-wa-lu-mphi-ra-mo ndi 7, li-wu-la-ma-dzi ndi 5. Sindinakakamize mawu alionse, ndipo sindinadule lembo. Ngakhale "no" wa Chijapani, amene amalumikiza madzi ndi liwu lake, walowedwa m'malo ndi "la" wathu, ndipo onse awiri amatenga malo amodzi. Sindikunena kuti hayiku iliyonse ya Chijapani idzagwa bwino chotere m'Chichewa, koma chitsanzo ichi chikuonetsa kuti zinthu zimene zimakwana m'timagawo 17 kumeneko n'zofanana kuchuluka kwake ndi zimene zimakwana m'maphatikizo 17 kuno, ndiye kuti zithunzi ziwiri ndi mchitidwe umodzi.

Mnzanga uja ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo ndiyenera kuivomereza. Chichewa chimalipiritsa msonkho umene Chijapani sichilipiritsa. Dzina lathu limabwera ndi mphatikiram'mbuyo wa gulu lake, monga chi, zi, mi kapena ma, ndipo mneni ndi mfotokozi aliyense amayenera kunyamula mgwirizanitsi wolozera ku dzinalo. Tikati "mitengo yaitali yagwa", tabwereza chizindikiro cha gulu katatu, pamene mneni wa Chijapani sasintha chifukwa cha mwininkhani. Msonkho umenewu ndi weniweni, ndipo ndiwo umapangitsa kuti wolemba watsopano aone ngati mzere watha iye asanayambe n'komwe. Koma mneni yemweyo amene amatidyera malo amatibwezeranso ndi dzanja lina. Mu "sindinamuonenso" muli kukana, muli woyankhula, muli nthawi, muli munthu amene sanaonedwe, muli mchitidwe, ndipo muli kubwereza. Mawu amenewo ndi chiganizo chathunthu, ndipo chiganizo chathunthu chodzaza mzere wapakati si tsoka ayi. Mu "walumphiramo", kaphatikizo kamodzi ka "mo" kagwira ntchito yonse ya mawu akuti "m'dziwe lija".

Maganizo owerenga mawu m'malo mwa maphatikizo ndimawakana pa zifukwa ziwiri. Chifukwa choyamba n'chakuti mawu a Chichewa sayesa nthawi. "Ine" ndi mawu amodzi, "sindinamuonenso" ndi mawu amodzinso, choncho mzere wa mawu atatu ungakhale ndi maphatikizo 6 kapena 20, ndipo khutu la womvera silingamve kuti pali muyeso uliwonse. Chifukwa chachiwiri chimatikhudza kwambiri ife a m'malire. Wa ku Angonia kapena ku Tsangano amawerenga mabuku olembedwa m'kalembedwe ka ku Malawi, amene amalowa kudzera ku Dedza ndi ku Zobwe, komanso mabuku a sukulu a kuno ku Mozambiki, kumene dzina la chilankhulo limalembedwa kuti Cinyanja. Olemba sagwirizana pa malo odulira mawu, kotero kuti wina amalemba "pa mudzi" pamene mnzake alemba "pamudzi", wina "wa ku" pamene mnzake alemba "waku". Tikawerenga mawu, ndakatulo imodzi idzakhala yolondola m'buku lina ndi yolakwika m'buku lina, ngakhale kuti pakamwa ikumveka chimodzimodzi. Phatikizo silisintha ndi kalembedwe, chifukwa limakhala m'kamwa ndi m'khutu.

Kumene kuli vuto lenileni la kawerengedwe ndi pa lembo la m, ndipo ndi pano pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndaona ana ndi akulu omwe akukangana pa mzere umodzi, wina akupeza 7 pamene mnzake akupeza 8. Tili ndi am awiri amene amalembedwa mofanana koma amamveka mosiyana. Mu "mbale", chiwiya chodyera, m ndi b zimatuluka pamodzi ngati liwu limodzi, ndipo mawuwo ali ndi maphatikizo awiri, mba-le. Mu "m'bale", munthu wa magazi amodzi ndi iwe, m amaima payekha, milomo imatsekeka kwa kanthawi b asanatuluke, ndipo maphatikizo ndi atatu, m-ba-le. M wachiwiriyu ndi "mu" amene anataya u wake, ndipo ngakhale u anapita, nthawi yake inatsala. Iye ndi wofanana kwambiri ndi n wa Chijapani uja amene amawerengedwa payekha.

Nkhodolero imatithandiza pa mawu ngati m'bale, m'mudzi ndi m'nyumba, koma siilembedwa paliponse, ndiye pafunika njira ina yodziwira. Njira imene ndimaphunzitsa ndi yochulukitsa dzinalo. Ngati m asanduka "mi" kapena "a" pochulukitsa, ndiye kuti iye ndi phatikizo lathunthu: mtengo ndi mitengo, mkango ndi mikango, mlimi ndi alimi, mphunzitsi ndi aphunzitsi. Choncho mtengo uli ndi maphatikizo atatu, ndipo mphunzitsi ali ndi anayi. Ngati dzinalo silisintha pochulukitsa, monga mbuzi, mbewa, mphepo ndi mvula, m wake ndi womatirira ku lembo lotsatira ndipo sawerengedwa payekha. Yerekezani mphepo ndi mphunzitsi, mawu oyamba ndi malembo atatu ofanana, ndipo mudzamva kuti poyamba kutchula mphunzitsi pali kang'ung'udza kamene pa mphepo palibe. Mawu ngati mwana ndi mwezi sagwa m'gulu limeneli, pakuti mwa ndi mwe zili kale ndi lembo la liwu, ndipo mawuwo ali ndi maphatikizo awiriawiri. Lamulo lomweli limagwiranso pa m wolowa m'malo mwa munthu m'kati mwa mneni, kotero kuti "ndam'peza" ali ndi anayi monga "ndamupeza", ndiponso pa n wochokera ku "ndi", monga mu "n'kale", amene ali ndi atatu.

Vuto lachiwiri ndi lathu lokha ife amene tinaphunzira ndakatulo m'Chipwitikizi. M'kawerengedwe ka ndakatulo za chilankhulocho, munthu amaleka kuwerenga pa phatikizo lomaliza lotsindikidwa la mzere, ndipo malembo a liwu awiri oyandikana pakati pa mawu amatha kuphatikizidwa kukhala phatikizo limodzi. Ndi mmene anawerengera Guilherme de Almeida wa ku Brazil, amene m'zaka za m'ma 1930 analemba hayiku za Chipwitikizi zokhala ndi mitu ndi mizere yothera mofanana. Mphunzitsi wozolowera lamulo limeneli akalibweretsa ku Chichewa amawononga chiwerengo chonse, chifukwa m'Chichewa phatikizo lokokedwa limakhala lachiwiri kuchokera kumapeto, kotero kuti mzere uliwonse ungataye phatikizo lake lomaliza, ndipo "dziwe lakale" ingawerengedwe 4. Momwemonso malembo a liwu oyandikana sasungunuka mwa ife: ku-o-na ndi atatu, kaya munthu alembe kuona kapena kuwona, ndipo a-na-a-li ndi anayi. Wofuna kufupikitsa alembe chimene pakamwa pamafupikitsa kale, monga "mwananga" m'malo mwa "mwana wanga", ndipo awerenge chimene walembacho. Pa mivekero yokokedwa, monga zii ndi phee, ine ndimawerenga maphatikizo awiri, chifukwa kukokako kumatenga nthawi ndipo ndiko kumene kumapereka tanthauzo.

Tsopano ndionetse mmene ntchitoyi imayendera pa ndakatulo imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mtsikana wina wa kufupi ndi phiri la Domwe analemba motere, pofotokoza m'mawa wa mwezi wa Juni kwawo:

M'mawa kukuzizira kwambiri
amayi akukumba mbatatesi m'munda mwawo
pamene nkhungu yaphimba phiri

Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 11, wachiwiri 16, wachitatu 10, ndipo onse pamodzi ndi 37, kuposa kawiri muyeso wofunika. Munthu akaona chiwerengo chotere amafulumira kunena kuti mawu a Chichewa ndi aatali. Koma tayang'anani kumene maphatikizo apita. Muli aneni atatu, kukuzizira, akukumba ndi yaphimba, amene adya 12. Muli "kwambiri", "mwawo" ndi "pamene", amene adya 8 popanda kuonetsa chinthu chilichonse chimene diso lingaone. Mayina enieni a zinthu ndi aafupi, pakuti nkhungu ndi phiri ali ndi awiriawiri. Chimene chatalika ndi chiganizo, chifukwa mtsikanayu walemba chimangirizo chodulidwa patatu, chimene chimalongosola zonse ndi kulumikiza zonse.

Tinayamba ndi kufunsa kuti kodi kuzizira kukufunika kutchulidwa. Aliyense wokhala ku mapiri a Angonia amadziwa kuti nkhungu yokuta phiri m'mawa imabwera ndi chisanu, choncho mzere woyamba wonse unalowa m'mawu amodzi akuti nkhungu. Imeneyi ndiyo ntchito ya chimene Ajapani amachitcha kigo, mawu osonyeza nyengo popanda kuilongosola. M'malo mwa "phiri" tinaika dzina lake, ndipo mneni "yaphimba" tinam'chotsa chifukwa "pa" akukwanira: nkhungu pa Domwe, maphatikizo 5. Kenaka ndinam'funsa ngati m'nkhungu yotero iye ankawaonadi mayi ake akukumba. Anayankha kuti ayi, ankangomva khasu. Pamenepo ndakatulo inapeza mutu wake weniweni, ndipo analemba "khasu la mayi m'dimba". Iye anawerenga 7, koma mnzake anawerenga 8, ndipo mnzakeyo ndiye analondola, pakuti m wa m'dimba ndi "mu" wofupikitsidwa. Atasintha, ndakatulo inakhala motere:

nkhungu pa Domwe
khasu la mayi lokha
likumvekabe

Mzere womaliza ndi mneni mmodzi wa maphatikizo 5, mtundu womwe uja wa mawu aatali amene amanenedwa kuti amalepheretsa hayiku. Komatu kaphatikizo ka "be" kamene kali kumapeto ndiko kanyamula ndakatulo yonse, chifukwa kakutiuza kuti zina zonse zabisika ndi kukhala chete, kuti ntchito inayamba kale, ndiponso kuti mwana akumvetsera. Mbatatesi zatayika, ndipo mtsikanayo anadandaula nazo chifukwa ndizo zimalipira sukulu yake. Ndinamumvetsa, koma maphatikizo anayi a mbatatesi akanachotsa khasu, ndipo khasu ndilo iye anamva.

Chimene chachitika pakati pa mzere woyamba ndi wachiwiri ndi kudula, kumene Ajapani amakuchita ndi timawu totchedwa kireji, monga "ya" uja wa m'ndakatulo ya chule. Ife tilibe gulu la mawu otero, koma tili ndi njira zathu. Dzina loimikidwa lokha popanda mneni limadula bwino, monga taonera, ndipo mgwirizanitsi amene tinamuda chifukwa cha msonkho wake amatithandiza pano, pakuti "li" wa likumvekabe akuloza ku khasu ndipo sangaloze ku nkhungu, choncho womvera amadziwa yekha pamene chithunzi choyamba chathera. Mivekero nayonso imadula, ndipo imasunga malo, chifukwa "zii" amachita ndi maphatikizo awiri zimene "kunalibe phokoso" amachita ndi 7. Ndingochenjeza kuti mvekero ndi wokoma kwambiri kotero kuti wolemba amafuna kuuika paliponse. M'ndakatulo ya chule ndinakopeka kulemba "chubwi", koma ndinaona kuti mawuwo akanam'chitira womvera ntchito imene iye ayenera kuchita yekha m'mutu mwake.

Ngakhale mawu aatali a nyengo amakhala mphatso nthawi zina. Mvula yoyamba imene imagwa pa tchire lopserera timaitcha chizimalupsa, ndipo dzinalo lili ndi maphatikizo 5, mzere wathunthu wokonzeka kale:

chizimalupsa
mbuzi zonse pakhonde
mwini palibe

Mawu a nyengo ayenera kutoledwa kuno, pakuti nyengo za Chijapani za maluwa ndi chipale chofewa sizigwirizana ndi dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe chathu, ndipo ngakhale m'chigawo chimodzi chino nkhungu ya ku Tsangano ndi masawu a m'chigwa cha Zambezi zimanena za miyezi yoyandikana kwa anthu amene amaimva mosiyana kwambiri pakhungu.

Pa funso la mnzanga lakuti tichite chiyani pamene ndakatulo yabwino yakana kulowa, yankho lilipo kale m'mwambo wa Ajapani eni ake, amene amalola mzere kupitirira muyeso pamene pali chifukwa, ndipo amakutcha kupitirirako jiamari. Basho mwini, m'ndakatulo yake ya khwangwala wotera pa nthambi youma madzulo a nyengo yothothoka masamba, ali ndi timagawo 9 mu mzere wapakati. Pambuyo pa Masaoka Shiki, amene anafalitsa dzina lakuti hayiku chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 namwalira mu 1902, kunabwera alakatuli ngati Taneda Santoka amene anasiyiratu chiwerengo. Wofuna kutsata njira imeneyo m'Chichewa ali ndi ufulu, koma ndikupempha kuti asanene kuti chilankhulo ndicho cham'kakamiza. Mzere wa "khasu la mayi m'dimba" ukanatha kukhala ndi maphatikizo ake 8 ngati dimba likanakhala lofunika pa chithunzicho, ndipo ndikanaulandira, malinga wolembayo akudziwa kuti wapitirira ndi limodzi ndipo angathe kunena chifukwa chake. Kutalikitsa muyeso wonse kukhala 7-9-7 ndi nkhani ina, chifukwa maphatikizo 6 owonjezerawo ndi okwanira kubwezeretsa "pamene" ndi "kwambiri", mawu omwe aja amene muyeso wopanikiza unathandiza mtsikana wa ku Domwe kuwachotsa asanapeze khasu lake.